Liwiro la mamolekyu a okosijeni: ndikupeza 15, buku likuti 484

Kamtedza_27
Moni nonse. Ndithandizeni funso ili la fizikisi chifukwa landizunguza mutu. Akuti tipeze `v_rms` ya mamolekyu a okosijeni pa kutentha kwa madigiri 27, kenako tiyerekeze ndi ya haidirojeni pa kutentha komweko. Ndagwiritsa ntchito fomyula yomwe tinapatsidwa:

```
v_rms = sqrt(3RT/M)
```

Ndikupeza mamita 15.3 pa sekondi. Kumapeto kwa buku yankho lake ndi 484. Ndabwereza kuwerengera koma nambala ikutuluka yomweyo. Komanso kunena zoona, 15 ikundimvekera bwino kuposa 484. Kanthu kangathamange bwanji pafupifupi theka la kilomita pa sekondi imodzi m'chipinda muno ife osamva kalikonse?

Nyenyezi
Mwaika 27 pa T. Sinthani ikhale makelivini, muwonjezere 273. Ambiri amagwera pamenepo.

Kamtedza_27
Ayi achemwali, zimenezo ndinachita. Ndaika 300. R ndaika 8.314, M ndaika 32.

MphunzitsiWakale
Vuto lili pa 32 ameneyo. A Nyenyezi atchula msampha weniweni, koma si umene wakukolani inu. Mukanaika 27 pa T, zina zonse zili bwino, mukanapeza 145, osati 15.

Nambala 32 ikutanthauza magalamu 32 pa molo imodzi. Koma R ija ili ndi majuli mkati mwake, ndipo juli imamangidwa ndi kilogalamu, mita ndi sekondi. Mukasakaniza magalamu ndi majuli, yankho silingatuluke mu mamita pa sekondi. Choncho M ikhale 0.032. Tiyeni tiyende limodzi:

```
3 x 8.314 x 300 = 7482.6
7482.6 / 0.032 = 233831
sqrt(233831) = 483.6
```

Ndiye 484 wa m'buku uja. Taonaninso ichi, chifukwa chidzakuthandizani kudzigwira nokha m'mayeso. Gawani 483.6 ndi 15.3, mupeza pafupifupi 31.6. Imeneyo ndi sikweya ruti ya 1000. Nthawi iliyonse yankho lanu likachepa ka 31.6, dziwani kuti mwasiya magalamu osasintha. Likanachepa ndendende ka 1000 bwenzi aliyense akuliona msanga, koma sikweya ruti imabisa cholakwacho, n'chifukwa chake chimasowetsa anthu mtendere.

Kamtedza_27
Zikomo aphunzitsi, tsopano yatuluka. Koma mtima wanga sunakhazikikebe pa kukula kwa nambalayo.

Bwandilo
Inenso ndili mbali yanu. Zowerengera papepala ndi zina, zochitika ndi zina. Munthu akatsegula botolo la mafuta onunkhira pakona ya chipinda, fungo limatenga kanthawi kuti lifike pakona ina. Mamolekyu akanakhala kuti akuthamanga mamita 400 kapena 500 pa sekondi, bwenzi fungo likufika nthawi yomweyo. Ndiye wina akunama apa.

MphunzitsiWakale
Palibe akunama a Bwandilo, ndipo funso lanulo ndi lakale kwambiri. Asayansi ena anatsutsa chimodzimodzi m'zaka za m'ma 1850, ndipo Clausius anayankha mu 1858 pofotokoza kamtunda komwe molekyu imayenda isanagundane ndi inzake. Mu mpweya umene tikupumawu kamtundako ndi pafupifupi mananomita 70. Nanomita imodzi ndi mita yogawidwa ka biliyoni. Gawani mamita 500 pa sekondi ndi kamtunda kameneko, mupeza kuti molekyu imodzi imagundana ndi zinzake ka mabiliyoni angapo pa sekondi iliyonse, ndipo ikagundana imakhotera kwina. Zili ngati munthu wothamanga kwambiri yemwe ali pakati pa chikhamu cha anthu: miyendo yake ndi yachangu ndithu, koma akukankhidwira uku ndi uku, ndiye patsogolo sakupita kwenikweni. Ndipo fungo lomwe mumamva pakona inayo, kwakukulu limanyamulidwa ndi kuyenda kwa mpweya wonse wa m'chipindamo. Mpweya ukanakhala bata lenileni, bwenzi likuchedwa kwambiri kuposa momwe mumaonera.

Bwandilo
Chabwino, koma kumeneko n'kufotokoza chifukwa chomwe sitiliona liwirolo. Umboni woti lilipo uli kuti?

Injiniya_wa_mapaipi
Uli m'makutu mwanu. Phokoso limayenda mu mpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi kukakhala madigiri 20. Nanga limanyamulidwa ndi chiyani? Ndi mamolekyu omwewo, akamakankhana ina kukankha inzake. Uthenga sungathamange kuposa amene akuunyamula. Mamolekyu akanakhala kuti akuyenda mamita 15 pa sekondi, mawu anu sakanatha kuyenda 343. Ine ndikawerengera liwiro la mpweya uliwonse wodziwika ndimayamba ndafunsa kuti kodi nambala yanga ili pamwamba pang'ono pa liwiro la phokoso mu mpweya umenewo? Ikakhala kutali, ndimabwerera kukaona mayunitsi.

Palinso njira ina yosafuna R kapena M. Tengani pulesha ndi kulemera kwa mpweya pa kiyubiki mita:

```
v_rms = sqrt(3P/d)
3 x 101325 / 1.18 = 257606
sqrt(257606) = 508
```

Zonse ziwiri, 101325 ndi 1.18, ndi zinthu zoyezeka ndi zipangizo. Palibe amene waona molekyu apa, koma nambala yatuluka ya dera lomwelo.

Nyenyezi
Gawo lachiwiri la funso lija ndi losavuta. Okosijeni ndi 32, haidirojeni ndi 2. Haidirojeni ndi wopepuka ka 16, ndiye akuthamanga ka 16. Chulukitsani 484 ndi 16 basi.

Tsabola
Ka 4, osati ka 16.

Nyenyezi
Ka 4 wachokera kuti? 32 kugawa ndi 2 ndi 16.

Tsabola
M ili mkati mwa sikweya ruti. Ruti ya 16 ndi 4. Haidirojeni ndi 1934 kapena pafupi ndi pamenepo.

MphunzitsiWakale
A Tsabola alondola, koma ndikufuna a Nyenyezi aone chifukwa chake, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Theka la ganizo lanu ndi loona: chopepuka chimathamanga kwambiri. Funso ndi lakuti n'chiyani chomwe mipweya iwiriyi ikufanana ikakhala pa kutentha kumodzi. Si liwiro ayi. Chofanana ndi mphamvu ya kuyenda yomwe molekyu imodzi imakhala nayo pa avereji:

```
(1/2) m v^2 = (3/2) k T
```

Apa m ndi kulemera kwa molekyu imodzi, k ndi nambala yosasintha. Kumanja kwa fomyulayi mulibe m. Pa makelivini 300, molekyu ya mpweya uliwonse, kaya wolemera kaya wopepuka, ili ndi avereji ya majuli 6.2 x 10^-21. Tsopano ngati m yachepa ka 16 koma mphamvu isasinthe, chomwe chiyenera kukula ka 16 ndi `v^2`, osati v. Kuti `v^2` ikule ka 16, v ingokula ka 4. Mukachulukitsa 484 ndi 16 ndiye kuti mwapatsa molekyu ya haidirojeni mphamvu yochuluka ka 16 kuposa ya okosijeni, ndipo mipweya iwiriyo singakhalenso pa kutentha kumodzi.

N'chifukwa chake poyerekeza mipweya iwiri simufunikanso kuwerengera chilichonse kuchokera pachiyambi. 3, R ndi T zimafufutana, n'kutsala izi:

```
v1 / v2 = sqrt(M2 / M1)
```

Onani kuti manambala atembenuka, 2 ali pamwamba kumanja. Apa ngakhale musiye magalamu palibe vuto, chifukwa mayunitsi nawonso amafufutana.

Nyenyezi
Ndamva. Ndiye hiliyamu, amene ndi 4, akuthamanga ruti ya 8 kuposa okosijeni, ka 2.83, kutanthauza 1368?

Tsabola
Ndi momwemo.

Kamtedza_27
Ine popeza haidirojeni ndaika 0.001 ndipo ndapeza 2735. Kodi haidirojeni si 1 pa tebulo lija?

Tsabola
Atomu ndi 1. Mpweya wake umayenda awiriawiri, H2, monganso O2 ndi N2. Okosijeni munaika 32 osati 16, chitani chimodzimodzi. Hiliyamu ndiye amayenda yekhayekha.

MayiWaLabu
Ndilowererepo ndi zomwe ndimaona ndi maso, chifukwa ine zimandivutitsa chaka chilichonse ndikamakonzera ophunzira zoyeserera. Timatenga paipi yagalasi yaitali, kumapeto kwina timatseka ndi thonje loviika mu amoniya, kwinako thonje loviika mu asidi wa haidirokiloriki. Mipweya iwiriyi ikakumana imapanga mkombero woyera mkati mwa paipi. Amoniya ndi 17, HCl ndi 36.5, ndiye malinga ndi fomyula ya aphunzitsiyo amoniya ayende mtunda wotalika ka 1.47. Mkombero umaonekadi kufupi ndi mbali ya asidi, pamenepo palibe kukayika. Koma tikayeza ndi rula, kawirikawiri sitifika 1.47, timapeza nambala yocheperapo, cha m'ma 1.3. Ophunzira amandiyang'ana ngati ndalakwitsa kukonza. Komanso mkomberowo umatenga mphindi zingapo kuti uoneke, pomwe paipiyo ndi mita imodzi yokha.

Bwandilo
Mwaona? Fomyula ikunena zina, paipi ikunena zina.

MphunzitsiWakale
Amayi, simulakwitsa kukonza. Mu paipi yanuyo muli kale mpweya, ndipo amoniya ndi HCl onse akuwoloka modutsa naitirojeni ndi okosijeni, akugundana nawo njira yonse. Pamenepo kulemera kwa molekyu si kokha kumene kukulamula. Kukula kwake kumawerengedwanso, chifukwa molekyu yaikulu imagundana pafupipafupi, komanso kulemera kwa mamolekyu omwe ikugundana nawo. Fomyula ya `sqrt(M2/M1)` imagwira bwino kwambiri mpweya ukamatuluka pa kabowo kakang'ono zedi kupita kumalo kopanda mpweya, komwe molekyu iliyonse imadutsa payokha osagundana ndi inzake pabowopo. Graham anafufuza zoterezi m'zaka za m'ma 1840. Paipi yanu imasonyeza bwino kuti chopepuka chimatsogola, koma si chida choyezera 1.47.

Injiniya_wa_mapaipi
Ine ndikuganiza kuti thonje nalonso lili ndi mbali yake. Mabotolo awiriwo satulutsa mpweya wofanana kuchuluka. Mbali imene ikutulutsa wambiri imakankhira malo okumanirana kutsogolo. Mutasintha mphamvu ya amoniya m'botolo, ndikukhulupirira kuti mkombero usuntha.

MayiWaLabu
Zimenezo ndaziona. Botolo la amoniya likakhalitsa, mkombero umayandikira pakati. Koma sindinganene kuti chachikulu n'chiti pakati pa zifukwa ziwirizi.

MphunzitsiWakale
Zonse zilipo. Kuti tidziwe chomwe chikulamula kwambiri mu paipi yanuyo pafunika kuyeza kangapo ndi mabotolo atsopano, paipi itagona mowongoka bwino, chifukwa ikapendekeka pang'ono mpweya umayamba kuyenda wokha mkatimo. Ine ndikukhulupirirabe kuti ngakhale mutakonza zonsezo simufika 1.47.

Injiniya_wa_mapaipi
Pamenepo sindikutsimikiza. Ndi amoniya wamphamvu kwambiri mutha kufika, mwinanso kupitirira, koma osati pa chifukwa chomwe fomyula ikunena.

Gologolo99
Pepani ndalowa mochedwa. Ngati funso ndi la liwiro la mpweya, mamita 484 pa sekondi sizingatheke. Ngakhale mphepo yamkuntho yoopsa kwambiri sifika pafupi ndi pamenepo. Yankho la 15 lija ndiye lomveka.

Tsabola
Werengani kuchokera pamwamba achimwene. Si mphepo. Mphepo ndi pamene mamolekyu onse akusunthira mbali imodzi. Apa iliyonse ikulowera kwake.

Kamtedza_27
Mawu a Tsabolawo andikumbutsa funso lina. N'chifukwa chiyani timavutika ndi kuchulukitsa liwiro palokha, kupeza avereji, kenako ruti? Bwanji osangotenga avereji ya liwiro basi?

MphunzitsiWakale
Funso labwino, ndipo mayankho ake ndi awiri. Loyamba ndi lomwe a Tsabola anena. Mukawerengera liwiro pamodzi ndi komwe molekyu ikulowera, zopita kumanja zimafufutana ndi zopita kumanzere, avereji n'kukhala ziro. Nambala yoteroyo sikuuzani kanthu.

Koma mutha kunena kuti tingosiya za mbali, titenge kukula kwa liwiro kokha. Zimatheka, ndipo nambala imeneyo ilipo. Kungoti si imene imatuluka tikamafotokoza pulesha. Molekyu ikamenya khoma la chotengera, liwiro lake limagwira ntchito kawiri. Yothamanga kawiri imamenya mwamphamvu kawiri, komanso imabwerera kudzamenyanso khomalo kawiri pa nthawi yomweyo. Kawiri kuchulukitsa kawiri ndi kanayi. Ndiye pulesha imatsatira `v^2`, ndipo mphamvu ya kuyenda nayonso imatsatira `v^2`. Avereji yomwe chilengedwe chikutipatsa ndi ya `v^2`, ruti timangoitenga pomaliza kuti tibwerere ku mamita pa sekondi.

Yesani ndi mamolekyu atatu okha, a liwiro 300, 400 ndi 800:

```
(300 + 400 + 800) / 3 = 500
(90000 + 160000 + 640000) / 3 = 296667
sqrt(296667) = 545
```

Avereji wamba ndi 500, koma `v_rms` ndi 545. Ya 800 ija yakoka nambala chifukwa ikachulukitsidwa payokha imakula kwambiri kuposa zinzake. Samalani ndi dongosolo lake: muyambe kuchulukitsa, kenako avereji, pomaliza ruti. Mukayamba ndi avereji mungobwerera pa 500.

Nyenyezi
Ndiye 484 si liwiro la molekyu iliyonse ya okosijeni?

MphunzitsiWakale
Ayi. Pa nthawi iliyonse zina zikuyenda pang'onopang'ono, zina zikupitirira 1000, ndipo molekyu imodzi imasintha liwiro nthawi iliyonse ikagundana. Maxwell ndiye anafotokoza m'mene maliwirowa amagawikira, mu 1860. Kwa okosijeni pa makelivini 300, liwiro lomwe mamolekyu ambiri ali nalo ndi pafupifupi 395, avereji wamba ndi 445, `v_rms` ndi 484. Zitatuzi zimatsatana choncho nthawi zonse. M'mayeso werengani bwino kuti akufuna iti.

Gologolo99
Tsopano ndamva. Ndiye n'chifukwa chake baluni ya hiliyamu imaphwa msanga kuposa yopopa ndi pakamwa?

Injiniya_wa_mapaipi
Mbali ina inde, koma atomu ya hiliyamu ndi yaing'ononso kwambiri, imadutsa mu labala mosavuta. Pa ntchito timagwiritsa hiliyamu pofufuza pomwe paipi kapena thanki ikudontha, chifukwa amapeza kabowo komwe madzi a sopo sangakuonetseni.

Bwandilo
Nanga zija amati dziko lapansi limataya hiliyamu kupita m'mlengalenga? Ndinawerenga kuti chinthu chimafunika makilomita 11.2 pa sekondi kuti chithawe mphamvu yokoka ya dziko. Hiliyamu mwati ndi 1368, sakufika ngakhale makilomita awiri. Akuthawa bwanji?

MphunzitsiWakale
Akuthawa si a pa avereji, ndi aja ochepa othamanga kopitirira. Kumwamba kwenikweni kwa mpweya wozungulira dziko kutentha kumafika cha m'ma makelivini 1000, ndipo mpweya ndi wochepa moti atomu yolowera kumwamba siipeza yogundana nayo. Pa kutentha kumeneko `v_rms` ya hiliyamu ndi pafupifupi makilomita 2.5 pa sekondi. Kagawo kakang'ono kamapitirira 11.2, ndipo m'zaka mamiliyoni kagawo kameneko kamawunjikana. Kwa mamolekyu olemera ngati naitirojeni kagawoko ndi kochepa moti tinganene kuti kulibe. Palinso njira zina zomwe hiliyamu amathawira, zokhudza maginito a dziko, koma zimenezo zititengera kutali.

MayiWaLabu
Tatalikiradi. Mwana wa eni ake ali ndi mayeso. A Kamtedza, yesani ili: okosijeni yemweyo, kutentha kuchoke pa madigiri 27 kufike 54. Liwiro likhala bwanji?

Kamtedza_27
Poyamba ndimati kutentha kwawirikiza, ndiye ndichulukitse ndi ruti ya 2. Koma mu makelivini ndi 300 kupita 327. Ruti ya 327/300 ndi 1.044, ndiye 505. Lakwera pang'ono chabe.

MayiWaLabu
Mwakhoza. Nanga kuti liwirolo liwirikize kawiri?

Kamtedza_27
T ikule kanayi, makelivini 1200, omwe ndi madigiri 927.

Nyenyezi
Nanga tikapanikiza mpweyawo, pulesha ikwere kawiri? Fomyula ya a Injiniya ija ili ndi P pamwamba, ndiye liwiro likwera. Ndipo pampu ya njinga imatenthadi ukamapopa.

Injiniya_wa_mapaipi
Pali zinthu ziwiri apa achemwali, tizilekanitse. Mukapanikiza mpweya kenako n'kuudikira uzizire kubwerera pa kutentha kwake koyamba, P yakwera kawiri koma d nayonso yakwera kawiri, chifukwa mamolekyu omwewo apanikizana m'malo ochepa. `P/d` sinasinthe, liwiro silinasinthe. Pulesha yakwera chifukwa mamolekyu omenya khoma pa sekondi achuluka, osati chifukwa iliyonse ikumenya mwamphamvu. Pampu imatentha chifukwa mukupanikiza mofulumira: pisitoni ikubwera ikumenya mamolekyu, iwo n'kubwerera ndi liwiro lokulirapo. Pamenepo liwiro lakweradi, koma lakwera chifukwa T yakwera. Funso likanena kuti kutentha sikunasinthe, yankho ndi lakuti `v_rms` ili pomwepo.

Tsabola
Funso limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo ambiri amasankha ruti ya 2.

Kamtedza_27
Kanthu kamodzi kotsiriza. Ndikaika 0.002 ndikupeza 1934, koma mnzanga waika 0.002016 wapeza 1927. Tilembe iti?

MphunzitsiWakale
Gwiritsani ntchito nambala yomwe funso lakupatsani. Likapanda kupereka, 2 ndi wokwanira, ndipo mulembe 1.9 x 10^3 kapena 1930, muonetse njira yonse ndi mayunitsi pa mzere uliwonse.

Bwandilo
Za phokoso zija zandigwira mtima, ndavomera. Koma za paipi ya amayi zikadali m'malere. Amayi, mukadzayesa ndi mabotolo atsopano mudzatiuze nambala, mudzalembenso kutalika kwa paipi ndi mphindi zomwe mkombero unatenga.

MayiWaLabu
Ndidzayesa ndi mapaipi awiri otalika mosiyana, tione ngati nambalayo isintha.